Mtengo wa malata umadziwika akafika pakhomo

Ana anga, lero ndikufuna ndikufotokozereni nkhani ya zithunzi ziwiri za pafoni zomwe zidatsala pang'ono kugonetsa banja lina moyang'ana kosiyana kuno kwathu ku Golomoti. Si zithunzi za chibwenzi ayi, musafulumire. Zidali zithunzi za mapepala a mitengo ya malata, aja timawatcha makotesheni. Ndikulemba izi chifukwa ambiri a inu mukumanga, ndipo masiku ano wogulitsa amangojambula pepala n'kukutumizirani pa WhatsApp, inu n'kuyang'ana nambala ya m'munsi, basi mwagamula.

Mudali mu Okutobala 2024, dzuwa likuswa mtengo monga limachitira kuno kunsi kwa mapiri. Mwana wa malemu mchemwali wanga adafika pakhomo panga masana ndi mwamuna wake. Mkazi patsogolo, mwamuna m'mbuyo, osayankhulana. Pa zaka zonse zomwe ndidagwira unamwino ndidaphunzira kuona wodwala asanatsegule pakamwa, ndiye ndidangoyala mkeka pansi pa mtengo wa mango n'kudikira.

Nyumba yawo ya njerwa zootcha idali itafika pamitanda. Chotsala lidali denga, ndipo mmisiri adawalembera malata 40 a mafiti 12, malata 6 opinda aja ophimbira pamwamba pomwe denga limakumana, ndi misomali makilogalamu 8. Ndalama adali nazo m'manja, K1,150,000, ya mpunga, ya mbuzi zitatu ndi ya kubanki mkhonde. Kumbuyo kwa ndalama imeneyi kudalibenso ina.

Mkamwini ndiye adayamba. "Amayi, taonani nokha. Sitolo ya ku Lilongwe ikuti K822,000. Ya ku Salima ikuti K1,093,000. Kusiyana kwake K271,000, ndalama yogulira zitseko ndi mawindo. Koma mwana wanuyu akukakamira ku Salima."

Mkazi naye sadachedwe. "Mayi, ine mtima wanga sukundipatsa. Akapita ku Lilongwe ndi ndalama yonseyi m'thumba, abwera nayo nkhani."

Mwaona pomwe padali vuto? Mwamuna adali ndi nambala, mkazi adali ndi mantha, ndipo zinthu ziwirizi sizingayankhane. Mwamuna adamva ngati akunenedwa kuti ndi wakuba, mkazi adamva ngati akunenedwa kuti ndi mbuli. Ndidawauza kuti: "Apongozi, ndipatseni foniyo. Iwe, kanditengere kope ndi cholembera pa tebulo. Lero sitiweruza anthu, tiweruza mapepala."

Chinthu choyamba chomwe ndidaona n'chakuti chithunzi cha ku Lilongwe chidali chodukira m'munsi. Pepala lidajambulidwa lili pa kauntala, ndipo chithunzi chidathera pomwe padalembedwa K822,000. Kuchipatala tinkaphunzitsidwa kuti khadi la wodwala suwerenga theka n'kupereka mankhwala, chifukwa mzere womwe sudauwerenge ndi womwe umanena kuti munthuyu mankhwalawa amamuwenga. Pepala la mitengo n'chimodzimodzi. Mawu ofunika amakonda kukhala m'munsi, m'zilembo zing'onozing'ono. Sindikunena kuti wojambulayo adachitira dala, mwina adali pa changu. Koma ndidauza mkamwini kuti aimbe foni, apemphe chithunzi china choonetsa ngodya zonse zinayi za pepalalo.

Chithunzi chachiwiri chitafika tidachikulitsa ndi zala. M'munsimo mudali mizere itatu ya Chingerezi. Woyamba udati "Prices exclusive of VAT", kutanthauza kuti msonkho wa VAT sudawonjezeredwe pa mitengoyo. Wachiwiri udati "Own transport", kutanthauza kuti zonyamula katundu ndi zanu. Wachitatu udati "Valid for 7 days", kutanthauza kuti pakatha masiku 7 mitengoyo sakuilonjezanso. Pepala la ku Salima lidali lolemba pamanja koma lathunthu, ndipo pambali pa nambala yomaliza adalembapo "VAT incl.", kusonyeza kuti msonkho uli kale m'kati. Mawu awiriwa, ana anga, muwaloweze. Amaoneka ngati apachibale koma amasiyanitsa ndalama yambiri.

Tisanayambe kuwonkhetsa ndidafuna titsimikize kuti mapepala awiriwa akunena katundu mmodzi. Kulinganiza mitengo ya zinthu zosiyana n'kungotaya nthawi. Malata amasiyana kutalika, komanso amasiyana kukhuthala, komwe amisiri amati geji. Apa ambiri amapusitsika, chifukwa nambala ya geji imayenda chobwerera: geji 28 ndi yokhuthala kuposa geji 30, ndipo geji 32 ndi yopyapyala kuposa zonsezi. Lata lopyapyala limatchipa, koma limabooka msanga pa misomali mphepo ikamalikoka, ndipo nonse mukudziwa mphepo yomwe imatsagana ndi mvula yoyamba kuno. Pepala la ku Salima lidalemba geji 28. La ku Lilongwe lidangolemba mafiti 12 osatchula geji. Tidaimbanso, adati ndi 28, ndipo ndidati alembe zimenezo pa uthenga kuti tikhale nazo. Pamenepa ndiye mapepala adafanana.

Kenaka ndidajambula mzere pakati pa tsamba la kope, kumanzere Lilongwe, kumanja Salima, n'kuyamba kukopera mzere ndi mzere. Ku Lilongwe lata limodzi lidali K19,500, ndiye 40 adakwana K780,000. Opinda aja adali K7,000 limodzi, 6 adakwana K42,000. Zonse pamodzi K822,000, ndipo pepala lidathera pomwepo. Ku Salima lata lidali K24,000, ndiye 40 adakwana K960,000. Opinda adali K8,000 limodzi, 6 adakwana K48,000. Koma pepalali lidali ndi mizere ina iwiri yomwe linzake lidalibe: misomali makilogalamu 8 pa K40,000, ndi galimoto yobweretsa katundu ku Golomoti pa K45,000. N'chifukwa chake lidafika K1,093,000.

Mukakopera chonchi, mipata imaonekera yokha ngati mano ogweluka. Mbali ya Lilongwe idalibe msonkho, idalibe misomali, idalibe galimoto. Ntchito yathu idali yodzaza mipata imeneyi umodziumodzi.

Tidayamba ndi msonkho. M'chaka chimenecho VAT idali 16.5 peresenti, kutanthauza K16.50 pa K100 iliyonse. Boma limasintha chiwerengerochi, ndiye inu mufunse cha tsiku lomwe mukugula. Kawerengedwe kake n'kosavuta, ngakhale pa kakyuleta ya pafoni: tengani mtengo wonse, chulukitsani ndi 16.5, gawani ndi 100. Pa K822,000 tidapeza K135,630. Kuwonjezera pamenepo, pepala la ku Lilongwe lidakwera kufika K957,630. Mkamwini adayamba kukanda m'mutu. Theka la ndalama ya zitseko ndi mawindo ija lidali litapita ndi mzere umodzi womwe sudalowe m'chithunzi.

Adayesa kudzilimbitsa mtima. "Amayi, koma ena amati ukapanda kufuna lisiti, msonkhowo amakuchotsera." Ndidamuuza kuti zimenezo aziiwale. Msonkho ndi lamulo, komanso lisiti ndiye mboni yako. Malata akafika operewera kapena a geji ina, ukabwerera ndi chiyani m'manja? Ndipo mbali inayo nayo muziisamala: wogulitsa akakulipiritsani VAT, akupatseni lisiti lovomerezeka ndi a MRA loonetsa msonkhowo. Akangolemba pa kapepala wamba, simungadziwe komwe ndalamayo yalowera.

Misomali sidativute. Denga silikhomedwa ndi malovu, ndiye kaya agula ku Lilongwe kaya kuno, ayenera kuigula basi. Tidaikapo K40,000 yomwe ija ya pa pepala linalo, ndipo mbali ya Lilongwe idafika K997,630.

Tsopano galimoto. Apa ndi pomwe anthu a ku Golomoti tiyenera kuganiza mosiyana ndi a m'tauni. Wa ku Area 25 akagula malata mumzinda, ulendo wake ndi waufupi. Ife katundu wochoka ku Lilongwe ayenera kuyenda mu msewu wa M1 kudutsa pa Dedza mpaka pa Masasa, n'kutsetsereka Khwekhwelere, kapena kuzungulira ku Salima n'kutsika ndi M5 kudutsa pa Chipoka, Mtakataka ndi Mua. Lata la mafiti 12 sililowa mu minibasi, ndipo 40 simungawamange padenga la kagalimoto. Komanso miyezi imeneyo mafuta ankasowa m'dziko muno, madalaivala akugona pa mizere, ndiye aliyense ankatchula mtengo wake. Sitidafune kuganizira chabe. Mkamwini adaimbira dalaivala wina wa lole yemwe amabwera kuno kudzatenga katundu, ndipo adati angawanyamule pa K90,000 n'kuwatsitsa pamsewu.

Ndidamufunsa mkamwini kuti malatawo akasankha ndani. Adati iye mwini. Ndiye tidalembanso ulendo wake wopita ndi wobwerera pamodzi ndi chakudya, K36,000, poti dalaivala adanenetsa kuti kutsogolo kwa lole kumakhala anyamata ake. Anyamata okweza ndi otsitsa, K8,000. Ngolo yochotsa malata pamsewu kukafika pamalo pomwe akumanga, K10,000. Ndalama zing'onozing'onozi sizilembedwa pa kotesheni iliyonse, koma zimatuluka m'thumba lomwelo. Zonse za mayendedwe zidakwana K144,000, ndipo mbali ya Lilongwe idaima pa K1,141,630. Pa ndalama yawo yonse pakadatsala K8,370 yokha, ndipo uko n'kuti lole isadafe panjira, munthu osagona ku Lilongwe.

Apa mwana wanga adayamba kumwetulira, n'kumuyang'ana mwamuna wake cham'mbali. Ndidamuuza kuti: "Usaseke msanga iwe. Pepala lakoli nalo tilifunsa mafunso omwewa." Ichi n'chofunika, ana anga. Mukakonda pepala limodzi, mumalifufuza linzake ngati wapolisi, lanu n'kulisisita. Mukatero simukuwerengera, mukungofuna kupambana mkangano.

Tidaimba ku Salima. Funso langa loyamba lidali lakuti mawu oti Golomoti pa pepalapo akutanthauza pati. Golomoti ndi dera lalikulu: pali pamsika, pali kusiteshoni ya sitima, pali midzi ya kutali ndi tala. Mwini sitolo adati galimoto yake imathera pamsewu wa tala, siilowa m'njira za m'midzi. Choncho ngolo ya K10,000 ija idabweranso mbali iyi. Otsitsa adati ndi athu, K4,000. Ndipo adafuna theka la ndalama litsogole pa foni asanakweze katundu, zomwe pamodzi ndi yake yochotsera kwa ejenti zidatidyera pafupifupi K6,000. Zobisika za ku Salima zidakwana K20,000, ndipo pepalalo lidafika K1,113,000.

Ndidalemba manambala awiriwa m'munsi mwa tsamba, moyandikana. Lilongwe K1,141,630. Salima K1,113,000. Pepala lomwe linkaoneka lotchipa ndi K271,000 lidapezeka lodula ndi K28,630. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Koma musachoke pano ndi maganizo oti sitolo yapafupi ndiyo yotchipa nthawi zonse, kapena kuti a ku Lilongwe aja adali akathyali. Ayi. Taonani bwino. Lata lawo, msonkho utalowa, lidali pafupifupi K22,700, pomwe la ku Salima lidali K24,000. Ndiye kuti lata la ku Lilongwe lidali lotchipadi ndi pafupifupi K1,300, ndipo pa malata 40 phindulo lidali K51,300. Chomwe chidawagwetsa ndi mayendedwe: K144,000 poyerekeza ndi K65,000 ya ku Salima, kusiyana kwa K79,000. Phindu la pa malata lidachepa kulipira msewu.

Apa pali nzeru yomwe ndikufuna muigwire. Phindu la pa lata limakula mukamagula ambiri, koma mtengo wa ulendo sukula motero. Munthu wokasankha katundu amalipira minibasi chimodzimodzi, kaya akugula 40 kaya 100. Tidagawa K79,000 ija ndi K1,300 n'kupeza kuti mapepala awiriwa akadafanana pa malata opitirira pang'ono 60. Akadakhala kuti akufolera nyumba yaikulu ya malata 100, phindu likadafika cha m'ma K128,000, ndipo Lilongwe ikadapambana, bola dalaivala asadakweze kwambiri mtengo chifukwa cha kulemera. Chimodzimodzi akadapeza mnzawo womanga n'kugawana lole imodzi. Ndiye yankho silikhala m'dzina la tauni. Limakhala pa kuchuluka kwa katundu wanu ndi kutalika kwa msewu wanu.

Ndidawauzanso kuti K28,630 pa ndalama yopitirira miliyoni si kusiyana kwakukulu. Manambala akayandikana chonchi, funso lotsatira ndi lakuti chikalakwika, chigwera ndani. Malata akaphwanyika m'mbali pa lole yomwe mwapeza nokha, sitolo ikuuzani kuti idakupatsani abwino, dalaivala akuuzani kuti mudamanga molakwika, ndipo zatha. Koma galimoto ikakhala ya sitolo, katundu ndi wawo mpaka mutamuwerenga n'kumulandira. Kunyamula ndalama yambiri m'thumba kudutsa m'madepoti nakonso kuli ndi mtengo wake womwe sulembeka. Mantha a mwana wanga aja adali ndi maziko, kungoti adawanena ngati akukayikira mwamuna wake m'malo mokayikira ulendo.

Chomaliza lidali tsiku. Pepala la ku Lilongwe lidali litatha kale masiku 5 mwa 7 aja, la ku Salima lidali la dzana lake. Pa chithunzi tsiku limakhala pangodya ya pamwamba, pomwe chala cha wojambula chimakonda kuphimba, ndipo tsiku lomwe chithunzi chafika pa foni yanu si tsiku lomwe pepala lidalembedwa. Amene mudagula katundu mu Novembala 2023, pomwe kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti, mukukumbuka momwe mitengo ya m'masitolo idasinthira m'masiku ochepa. Kotesheni yakale ili ngati mankhwala otha tsiku: botolo looneka bwino, koma osalidalira. Musanatumize ndalama kapena kukwera galimoto, imbani mufunse ngati mtengo udakali womwewo komanso ngati katunduyo alipo wokwana.

Adasankha ku Salima. Asanatumize theka lija, ndidati mwini sitolo alembe pa uthenga umodzi zonse zomwe tidagwirizana: malata 40 a geji 28, mafiti 12, opinda 6, misomali makilogalamu 8, malo otsitsira, tsiku lobweretsa, ndi ndalama yotsala yolipira katundu akafika. Mawu a pafoni amauluka, olembedwa amakhala. Galimoto idachedwa ndi masiku awiri chifukwa cha mafuta, ndipo mkamwini adabwera kawiri kudzandiyang'ana ndi nkhope yoti mwaona zanu zija. Itafika, mmisiri adali pompo ndi tepi yake. Adayeza kutalika, adaona chidindo cha geji, adawerenga limodzilimodzi dalaivala akuona. Lata limodzi lidali lopindika pangodya, adalibweza, ndipo mtengo wake udachotsedwa pa ndalama yotsala mpaka adabweretsa lina. Akadakhala kuti adalipiriratu zonse, mwina lata limenelo bwenzi akulitsatirabe.

Mvula yoyamba idawapeza ali pansi pa denga lawo. Pa K1,150,000 ija padatsala K37,000, yomwe adapereka kwa kalipentala ngati chiyambi cha chitseko cha kumaso. Mawindo adayamba atseka ndi mphasa.

Ndiye inu amene muli ndi zithunzi ziwiri pa foni usiku uno, musakangane pa nambala ya m'munsi. Pemphani chithunzi choonetsa pepala lonse. Tsimikizani kuti katundu ndi mmodzi. Koperani mapepala onse awiri pa tsamba limodzi, mukhale nonse awiri, wina akuwerenga wina akulemba, ndipo mzere uliwonse womwe uli mbali imodzi muufunse mbali inayo. Musasiye kuwonkhetsa mpaka katundu, m'maganizo mwanu, atatsitsidwa pakhomo panu penipeni. Safunsa adadya phula, ndipo mafunso onse omwe tidafunsa tsiku limene lija adatidyera mayunitsi osakwana mtengo wa kilogalamu imodzi ya misomali.

Kope lija mwana wanga adalisunga. Miyezi ingapo pambuyo pake ndidawapeza pakhonde madzulo, foni pakati, akulinganiza mitengo ya simenti ya pansi. Mwamuna ndiye ankalemba, mkazi akuimba foni. Ndidamumva akufunsa kuti: "Pepani bambo, Golomoti wake mukunena pati?" Ndidangopereka moni n'kupitirira ulendo wanga.